Kuyerekezera λmax ya madayini, matirayini ndi mainoni: mosokonekera muli m'kawerengedwe ka molekyu

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi Lizulu, ndipo ndikuchita digiri ya kemisitiri nthawi ya tchuthi. Malamulo a Woodward ndi Fieser ndinawaloweza, koma mayankho anga amaphonya. Pa kolesita-4,6-dayini-3-oni ndinapeza 274 nm pamene buku likuti makina amapeza 284, ndipo nditayesa pa layikopini wa m'tomato ndinapeza 524 nm, kutali kwambiri ndi 472. Ndikulakwitsa pati, nanga lamulo lowonjezera 30 limathera pati?

Yankho: Aphunzitsi, manambala awiri mwabweretsawa akundiuza kuti masamu anu ali bwino, koma zolakwika zake n'zosiyana. Pa nambala yoyamba mwaika nthambi imodzi pamalo osayenera, ndipo pa yachiwiri mwapititsa lamulo kumene silifika. Ndiyambira pa chimene chimasuntha nsonga, kutanthauza λmax, utali wa funde pamene molekyu imamwa kuwala kwambiri, chifukwa munthu amene wachimvetsa sasokonezeka ndi tebulo.

Molekyu ikamwa kuwala kwa UV, elekitironi imodzi imadumpha kuchoka pamalo apamwamba kwambiri mwa malo amene ali ndi maelekitironi kukwera pamalo apansi kwambiri mwa malo amene ali opanda kanthu, amene mabuku amawalemba kuti HOMO ndi LUMO. Kudumphako kumafuna mphamvu yofanana ndendende ndi mpata umene uli pakati pa malo awiriwo. Mu etini, yemwe ali ndi bondi yapawiri imodzi yokha, mpatawo ndi waukulu, ndipo nsonga yake imakhala cha pa 170 nm, kumene makina wamba safikako. Mabondi apawiri akatsatana molumphitsa, yapawiri, ya wamba, yapawirinso, maelekitironi amapeza tcheni chachitali choyendamo, mpata uja umachepa, ndipo kuwala kwa mphamvu yochepa, komwe ndi kwa funde lalitali, kumakwanira. N'chifukwa chake butadayini amamwa pa 217 nm, hekisatirayini pa 258 nm, ndipo okitatetirayini cha pa 290 nm.

Ndikupempha kuti manambala amenewa muwaonenso ngati mphamvu. Mukagawa 1240 ndi utali wa funde mumananomita, mumapeza mphamvu mu eV, ndipo anayi aja amakhala pafupifupi 7.3, 5.7, 4.8 ndi 4.3. Bondi yachiwiri yatsitsa mpata ndi 1.6, yachitatu ndi 0.9, yachinayi ndi theka chabe. Bondi iliyonse yobwera pambuyo imathandiza mocheperapo kuposa inzake, ndipo 30 uja, amene timaonjeza pa bondi iliyonse yapawiri yotalikitsa tcheni, si lamulo la chilengedwe ayi, koma ndi chiwerengero chapakatikati chimene chinapezeka kuti chimakwana pa matcheni afupiafupi. Robert Woodward anatulutsa malamulowa mu 1941 ndi 1942 ataunika mamolekyu ambiri amene anali atayezedwa kale, makamaka masiteroyidi ndi anzake a m'zomera, kenako Louis Fieser ndi Mary Fieser anawakulitsa. Mamolekyu amenewo anali ndi mabondi olumikizana awiri, atatu kapena anayi, ndipo malamulo amagwira bwino pamene anabadwira.

Kwa ine, ntchito yeniyeni imachitika munthu asanalembe nambala iliyonse. Tengani cholembera cha mtundu wina, mudutsitse pa tcheni cholumikizanacho kuyambira pa kaboni woyamba mpaka wotsiriza, ndipo china chilichonse cha mu molekyu muchiiwale kupatula zimene zakhudza tchenicho mwachindunji. Kenako mudzifunse mafunso atatu: mabondi awiriwo ali mu mphete imodzi kapena ayi, ndi makaboni angati akunja amene agwira tcheni, ndipo pali bondi yapawiri imene yatulukira kunja kwa mphete ina? Chitsanzo chimene ndimachikonda pophunzitsa zimenezi chili pafupi ndi kwanu, mu utomoni wa mitengo ya paini ngati imene yadzala ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza.

Utomoni ukangotuluka mumtengo umakhala ndi asidi wa levopimariki wochuluka, ndipo ukatenthedwa kapena ukakumana ndi asidi wina, levopimariki amasanduka asidi wa abiyetiki. Awiriwa ali ndi maatomu ofanana chiwerengero, C20H30O2, ali ndi mphete zitatu zimene timazitcha A, B ndi C, ndipo aliyense ali ndi mabondi apawiri awiri olumikizana. Kusiyana kwawo ndi malo amene mabondiwo akhala. Mu abiyetiki, bondi imodzi ili pakati pa kaboni 7 ndi 8 mu mphete B, inayo ili pakati pa kaboni 13 ndi 14 mu mphete C. Popeza ali m'mphete zosiyana, tcheni chatambasuka, mabondiwo aloza mbali zosiyana, ndipo poyambira pake ndi 214. Makaboni akunja amene agwira tcheni ndi anayi: kaboni 6 wagwira pa 7, kaboni 9 wagwira pa 8, ndipo pa kaboni 13 pagwira awiri, kaboni 12 ndi nthambi ya ayisopuropilo. Aliyense amabweretsa 5, choncho pamodzi ndi 20. Zindikirani kuti lamulo silisiyanitsa nthambi yolendewera ndi chidutswa cha mphete. Bola ngati ndi kaboni amene wagwira tcheni ndipo iye sali m'tchenimo, muwerengeni.

Funso lachitatu ndi limene limagwetsa ophunzira ambiri. Bondi ya 7 ndi 8 ili mkati mwa mphete B, izi n'zoona, koma kaboni 8 ndi wa mphete ziwiri, B ndi C. Mukaimirira mkati mwa mphete C n'kuyang'ana bondi imeneyi, muona kuti mutu wake umodzi uli pa khoma la mphete yanu pamene thupi lake latulukira kunja. Imeneyo ndiyo bondi yotulukira kunja, ndipo imabweretsa 5. Bondi ya 13 ndi 14 ilibe khalidwe limeneli, chifukwa makaboni ake onse awiri ndi a mphete C yokha.

```
214 + (4 × 5) + 5 = 239 nm
253 + (4 × 5) + 5 = 278 nm
```

Mzere woyambawo ndi wa abiyetiki, ndipo makina amapeza 241 nm. Wachiwiriwo ndi wa levopimariki, amene mabondi ake onse ali mu mphete C, ina pakati pa 8 ndi 14, ina pakati pa 12 ndi 13. Mphete imakakamiza mabondi awiriwo kupindikira mbali imodzi, mapeto a tcheni amayandikana, mpata wa mphamvu umachepa, ndipo poyambira pamakhala 253 m'malo mwa 214. Nthambi zikadali zinayi, ndipo bondi ya 8 ndi 14 yatulukira kunja kwa mphete B. Makina amapeza cha pa 272 nm. Apa lamulo laphonya ndi 6, koma onani kuti ntchito yake laigwira: munthu amene ali ndi mabotolo awiri opanda zolembedwa sangasokoneze 241 ndi 272, ndipo akhoza kutsatira ndi maso mmene nsonga ina ikutsikira pamene inzake ikukwera utomoni ukamatenthedwa. Palinso umboni wachiwiri umene ophunzira amauiwala, womwe ndi kutalika kwa nsonga. Dayini yotambasuka imamwa kuwala kwambiri, ε yake, nambala yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene imamwa, kawirikawiri imakhala cha m'ma 20,000, pamene ya mu mphete imodzi nthawi zambiri siyifika 10,000. Nsonga yakutali koma yaifupi imaloza mphete imodzi.

Mukaona mabuku ena akuyambira pa 217 m'malo mwa 214, musadabwe. Ambiri amaika 217 pa madayini opanda mphete, potsatira butadayini mwini wake, n'kusiya 214 kwa a mphete ziwiri. Gwiritsani tebulo limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasakaniza manambala a matebulo awiri.

Pa matirayini sindichedwapo, chifukwa njira yake ndi yomweyo, kungoti muyenera kukumbukira kuti bondi yatsopano sibwera yokha. Egositerolo wa mu yisiti ali ndi dayini ya mu mphete B, pa 5 ndi 7, ndipo kuwerengera kwake ndi 253, kuonjeza 20 wa nthambi zinayi ndi 10 wa mabondi awiri otulukira kunja, zonse 283, pamene makina amapeza 282. Mukaonjezera bondi yachitatu pakati pa kaboni 9 ndi 11, simungangoika 30 pamwamba pa 283. Kaboni 9, amene poyamba anali nthambi, tsopano walowa m'tcheni ndipo sawerengedwanso, koma iye wagwiridwa ndi kaboni 10, ndipo kaboni 11 wagwiridwa ndi 12, choncho nthambi zakhala zisanu. Kaboni 10 akuwerengedwa kawiri, chifukwa wagwira tcheni pamalo awiri, pa 5 ndi pa 9. Bondi yatsopanoyo yatulukiranso kunja kwa mphete B. Zonse pamodzi ndi 253, 30, 25 ndi 15, zomwe ndi 323, ndipo makina amapeza cha pa 324. Nsonga yasuntha ndi 40 osati 30. Tcheni chikatalika, fufutani zonse muyambirenso kuwerenga.

Tsopano tifike pa mainoni, pamene pali vuto lanu loyamba. Mu dayini, mbali zonse za tcheni n'zofanana, ndipo nthambi imabweretsa 5 kulikonse kumene yakhala. Mu inoni sizili choncho, chifukwa kumapeto kwina kuli okisijini amene amakoka maelekitironi. Elekitironi ikadumpha, imasunthira kumbali ya okisijini n'kusiya kupereŵera ku mapeto enawo a tcheni, ndipo nthambi imene yakhala kumene kwapereŵerako imathandiza kwambiri kuposa imene yakhala pafupi ndi C=O. N'chifukwa chake malo aliwonse ali ndi mtengo wake. Kaboni wa C=O sapatsidwa chilembo; woyandikana naye ndi α, ndipo nthambi ya pamenepo ndi 10; wotsatira ndi β, nthambi yake ndi 12; kuyambira pa γ kupita m'tsogolo, nthambi iliyonse ndi 18. Poyambira ndi 215 ngati inoni ili mu mphete ya makaboni 6 kapena ilibe mphete, ndi 202 ngati ili mu mphete ya makaboni 5. Nthambi imene yagwira kaboni wa C=O kumbali inayo siwerengedwa, chifukwa ili kale mkati mwa 215.

Tisanaonjezere bondi yachiwiri, tiyambe ndi kolesiti-4-ini-3-oni, amene ali ndi C=O pa kaboni 3 ndi bondi yapawiri pakati pa 4 ndi 5. Kaboni 4 ndi α, ndipo ali ndi hayidirojini yekha. Kaboni 5 ndi β, ndipo wagwiridwa ndi makaboni awiri, 6 ndi 10, zomwe ndi 24. Bondiyo ili mu mphete A koma yatulukira kunja kwa mphete B, choncho tikuonjeza 5. Zonse ndi 244, ndipo makina amapeza 241. Tesitositeroni ndi purojesiteroni ali ndi kachigawo komweka, n'chifukwa chake nawonso amaoneka cha pa 240.

Molekyu yanu ndi yomweyi, kungoti yaonjezera bondi pakati pa 6 ndi 7. Dutsitsani cholembera: O=C3–C4=C5–C6=C7. Kaboni 4 akadali α wopanda nthambi. Kaboni 5 akadali β, koma watsala ndi nthambi imodzi, kaboni 10, chifukwa kaboni 6 walowa m'tcheni. Kaboni 6 ndi γ wopanda nthambi, ndipo kaboni 7 ndi δ, wogwiridwa ndi kaboni 8. Nthambi ya pa δ ndi 18. Bondi ya 4 ndi 5 ikadali yotulukira kunja kwa mphete B, koma ya 6 ndi 7 siyotulukira kwina kulikonse, popeza makaboni ake onse ndi a mphete B yokha.

```
215 + 30 + 12 + 18 + 5 = 280 nm
```

Mukaika 12 pamalo pa 18 mupeza 274, ndipo ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene panakupusitsani: nthambi ya pa kaboni 7 munaiona ngati β ya bondi yachiwiri. Zilembo siziyambiranso pa bondi iliyonse ayi, zimawerengedwa kamodzi kuchokera pa C=O mpaka kumapeto. Kusiyana kwa 4 kumene kwatsala pakati pa 280 ndi 284 musakusake, chifukwa malamulowa nthawi zambiri amayembekezeka kuphonya ndi mananomita asanu kapena kucheperapo, ndipo yankho lolondola pamayeso ndi 280.

Pali nambala ina ya mu tebulo la mainoni imene simunaifune pano, ndipo munachita bwino kuisiya. Mabondi awiri a C=C akakhala mu mphete imodzi, timaonjeza 39, komwe ndi kusiyana komwe kuja kwa 253 ndi 214. Mu kolesita-2,4-dayini-6-oni mabondi onse ali mu mphete A, ndipo kuwerengera kumapereka 317 pamene makina amapeza cha pa 314. Mamolekyu awiriwa, imeneyi ndi yanu ija ya 284, ali ndi maatomu ofanana ndi tcheni chofanana kutalika, koma nsonga zawo zatalikirana ndi mananomita 30, ndipo m'zaka zimene kunalibe makina a NMR, kusiyana kotere ndi kumene kunkathetsa mkangano wa malo a bondi.

Popeza mudzaima pa makina tsiku lina, ndikuuzeni za chosungunulira. Manambala a mainoni ndi a mu etanolo. Madayini sasuntha kwenikweni mukasintha chosungunulira, koma mainoni amasuntha, chifukwa molekyu imene elekitironi yake yadumpha imagwirizana kwambiri ndi chosungunulira chokoka ngati madzi. Mesitilo okisayidi, (CH3)2C=CH–CO–CH3, amawerengeka 215 kuonjeza 24, zomwe ndi 239; mu etanolo amaoneka pa 237, mu hekiseni amabwerera cha pa 230, ndipo m'madzi amapita cha pa 244. Choncho mukayeza mu hekiseni onjezani 11 pa nambala ya makina musanaiyerekeze ndi tebulo, ndipo mukayeza m'madzi chotsani 8. Inoni imakhalanso ndi kansonga kena kofooka kupitirira 300 nm, kochokera ku maelekitironi apadera a pa okisijini, kamene ε yake imakhala cha pa 100 kapena kucheperapo. Malamulo a Woodward sanena za kameneko. Ndinaonapo wophunzira wanga wina atasungunula inoni yochuluka kwambiri moti nsonga yaikulu inapitirira malire a makina n'kukhala yafulati, iye n'kulemba kansonga kofookako ngati λmax, kenako n'kuyamba kusaka bondi yachitatu imene kunalibe. Ngati ε ili cha pa 20,000 ndipo kabotolo n'ka sentimita imodzi, mukufunika mamolo pafupifupi 5 × 10⁻⁵ pa lita kuti makina awerenge cha pa 1, kutanthauza kuti muyenera kusungunula kenako n'kusukulutsanso. Kabotoloko kakhale ka kwatsi, chifukwa galasi wamba limadzimwera lokha kuwala kwa pansi pa 320 nm, ndipo ngati mwakatsuka ndi asetoni, kaumitseni bwino, popeza dontho lotsalira limaphimba dera lonse limene mukufuna kuona.

Za tomato wa pa Lizulu, nambala yanu ndaitsatira: mwayamba ndi 214, mwaonjeza 30 ka 9, ndi 40 wa nthambi 8. Kuwerenga molekyu mwakhoza, chifukwa layikopini ali ndi mabondi apawiri 13 koma olumikizana ndi 11 okha, ndipo awiri akumapetowo mwawasiya moyenera. Cholakwika n'chakuti mwapatsa bondi ya nambala 11 mtengo wofanana ndi wa bondi yachitatu, pamene taona kale kuti phindu limanka licheperachepera. Mabondi a wamba ndi apawiri a m'tcheni safanana kutalika ngakhale tcheni chitalike bwanji, ndipo chifukwa cha zimenezi mpata wa mphamvu sutsekeka, umangoyandikira malire ena. Mabondi olumikizana akapitirira anayi, siyani tebulo la Woodward, mutenge lamulo la Fieser ndi Kuhn.

```
λmax = 114 + 5M + n(48.0 − 1.7n) − 16.5 Rendo − 10 Rexo
```

Apa n ndi chiwerengero cha mabondi olumikizana, M ndi nthambi, Rendo ndi mphete zimene zili ndi bondi ya m'tcheni mkati mwake, ndipo Rexo ndi mphete zimene bondi yatulukira kunja kwake. Kuchepa kwa phindu kwabisala mu chigawo cha 1.7n, chimene chimatsitsa mtengo wa bondi iliyonse tcheni chikamatalika. Pa layikopini, n ndi 11, M ndi 8, ndipo mphete palibe, choncho tikuphatikiza 114, 40 ndi 322.3, zomwe ndi 476, kufupi ndi 472 wanu uja. Pamenepo molekyu yatuluka mu UV, ikumwa kuwala kobiriŵira ngati thambo ndi kwina kobiriŵira ngati masamba, ndipo chimene chimatsala kufika m'maso mwathu n'chofiira.

Beta-karotini wa mu karoti ndi mu mbatata yofiira mkati alinso ndi mabondi olumikizana 11, ndipo nthambi zake ndi 10, koma amamwa cha pa 452 nm, pansi pa layikopini. Mukanatsatira tebulo loyamba mukanayembekezera kuti akhale pamwamba, popeza nthambi zake n'zambiri. Chifukwa chake n'chakuti mabondi ake awiri akumapeto ali mkati mwa mphete, ndipo nthambi za metilo za pa mphetezo zimagundana ndi tcheni mpaka mphete zimapotoka n'kuchoka pa mulingo umodzi ndi tchenicho. Maelekitironi amayenda bwino pokhapokha tcheni chikagona chafulati, choncho bondi yopotoka imathandiza mwatheka. Lamulo limachotsa 16.5 pa mphete iliyonse: 114, 50 ndi 322.3 ndi 486.3, ndipo tikachotsa 33 titsala ndi 453.

Kupotoka kumeneku kumavutitsanso mamolekyu ang'onoang'ono, ndipo kumadziŵika ndi zizindikiro ziŵiri zobwera pamodzi. Mukaŵerenga molekyu mosamala, mwatsimikiza chosungunulira, koma makina akupereka nambala yotsika ndi mananomita 10 kapena kuposa, yang'anani ε. Ngati nayonso yatsika kwambiri poyerekeza ndi ya mamolekyu ofanana nayo, ndiye kuti tcheni sichinagone chafulati, ndipo pepala lakuonetsani kulumikizana kumene molekyu yeniyeni ilibe kokwanira. Ngati ε ili bwinobwino koma utali wa funde wokha ndi umene waphonya, bwererani ku cholembera chanu, ndipo kukula kwa kuphonyako kukuuzani poyang'ana: 5 ndi bondi yotulukira kunja kapena nthambi ya dayini imene mwaiiwala, 6 ndi nthambi ya δ imene mwaiyesa β, 30 ndi bondi imene simunailowetse m'tcheni, ndipo pafupifupi 40 ndi mabondi a mu mphete imodzi amene mwawaŵerenga ngati a mphete ziŵiri.